Thandizeni: mkaka wowiritsa ukundiwawasira moipa

Muli bwanji nonse? Ndili ku Matawale kuno ku Zomba, ndipo ndimagula malita awiri a mkaka kwa mlimi amene amabweretsa panjinga m'mawa. Filiji ndilibe, ndiye m'nyumba ya malata mwezi uno wa Okutobala mukudziwa mmene kukutenthera.

Ndimauwiritsa mpaka kufufuma, n'kuvundikira mumpoto momwemo. Ukafika madzulo umakhala wagwirana, koma si chambiko. Chambiko ndimachidziwa: chimagwirana bwino, chimawawasa mokoma, madzi ake amakhala oyera pang'ono pamwamba. Wangawu ukumawawa ngati mankhwala, nthawi zina ukumananda ngati therere ukautunga ndi supuni, komanso pali tithovu ndi kafungo konyansa.

Ndayesa kutsuka mpoto ndi madzi otentha, kuuika m'beseni la madzi ozizira, ngakhale kuwiritsanso masana. Kuwiritsanso kukuthandiza pang'ono, koma ndamva kuti poizoni wa tizilombo tina safa ndi moto, ndiye ana sindikuwapatsa.

Kodi n'zoona kuti kuwiritsa kumapha tizilombo tabwino towawasitsa mkaka, n'kusiya toipa? Nanga nditathiramo masupuni awiri a chambiko cha m'sitolo ukangozizira, ungakhale wabwino kumwa mawa lake? Amene mumasunga mkaka opanda filiji, mumadutsa maola angati musanautaye?