Gulu la ma kontakiti likusiya anthu ena ndikatumiza meseji imodzi, ndithandizeni

Moni nonse abale, ndakakamira pano ndiye ndati ndifunse kwa inu odziwa. Ndine mlembi wa kwaya yathu ndipo pa foni yanga ya Samsung Galaxy A12 ndinapanga gulu mu Contacts la anthu 34 kuti ndizitumiza meseji imodzi kwa onse tikasintha nthawi ya pulakatisi. Vuto ndi loti ndikasankha gululo mu Messages, pamwamba pakubwera maina 29 okha, anthu 5 akusowa ndipo ndi omwewo nthawi zonse. Sabata yatha mayi wina wamkulu anabwera pa nthawi yakale nkudikira yekha ola lathunthu, zinandiwawa kwambiri chifukwa amaganiza kuti ndinawasiya dala.

Poyamba ndimaganiza kuti mwina foni ili ndi malire a anthu olandira meseji imodzi, ndiye ndinagawa gululo pawiri, 17 uku 17 uku, koma omwewo akusowabe. Ndinawachotsa nkuwaikanso, ndinazimitsa foni nkuyatsanso, palibe chasintha. Ndikawatumizira payekhapayekha meseji ikupita bwinobwino, ndiye manambala ndi olondola.

Chomwe ndaona dzulo nditayang'anitsitsa ndi choti atatu mwa iwo ali ndi manambala awiri aliyense, pomwe awiri enawo akuoneka kawiri mu foni, kwina pa simu kwina pa akaunti ya Google, mwina ndi pomwe pagona nkhani.

Kodi ndiwasamutse onse apite ku Google kenako ndiphatikize obwerezawo? Nanga wa manambala awiri ndingatani kuti gulu lizitenga nambala yomwe ndikufunayo? Pulakatisi ina ndi Loweruka lino chonde.