Mantha a mayeso a MSCE: mmene zinathera

Ndinafunsa kuti: “Ndikalowa m'chipinda cha mayeso mutu umaima. Nditani?”

Zikomo nonse amene munandiyankha. Loweruka lililonse ndinkalemba pepala lakale la masamu la MANEB, pa desiki, wotchi patsogolo, popanda notsi. Poyamba manja ankanjenjemera, koma thupi linazolowera.

Ndisanatsegule pepala ndinkakoka mpweya ndikuwerenga mpaka 4, n'kutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6. Kutulutsa kotalikako n'kumene kumatsitsa kugunda kwa mtima. Muzizolowere kunyumba, chifukwa mukayambira m'mayeso mungakoke mpweya mothamanga, chizungulire n'kukugwirani.

Za kuviika mapazi m'madzi kuti ndisagone powerenga usiku ndinazikana. Madzulo omaliza ndinangolongedza ID, zolembera ndi kakyuleta, n'kugona msanga. Pa tsiku la mayeso, funso lachitatu linandivuta, ndinapuma katatu, n'kulidumpha, ndipo nditabwererako linatheka.