Bajeti ya gulu lathu la maliro ija yatheka

Ndinafunsa kuti: "Bajeti ya gulu lathu kuno ku Joni ikutuluka yokhotakhota pa pepala, ndipo ndalama zonse pamodzi sizikugwirizana ndi za m'buku. Ndikonze bwanji mu Excel?"

Zikomo nonse amene munayankha. Achimwene amene munati ndisiye kulemba R ndi dzanja, munalasa. M'buku munali R12 400 koma `SUM` imapereka R9 850. Mizere itatu ya R850 Excel imaiona ngati mawu, n'kumailumpha powonkhetsa. Chizindikiro chake n'chakuti nambala zoterozo zimakhala kumanzere, pomwe zinzake zili kumanja. Ndinazilembanso popanda R, kenaka ndinasankha ndalama zonse n'kuika `Accounting`, pa `Symbol` n'kusankha R. Pamenepo R anabwera yekha, masenti n'kufola bwinobwino.

Mitu ndinaibwereza patsamba lililonse ndi `Print Titles`. Tsamba loyamba ndinangoikapo zolowa, zotuluka ndi zotsala, m'zilembo zazikulu, poti amayi asungichuma athu maso anayamba kuvuta.

Chimodzi ndinachidziwira pashopu yosindikizira ku Yeoville: fayilo yanga inali pa `Letter`, pomwe mapepala akuno ndi `A4`. Sinthani zimenezi muli kunyumba, musunge ngati PDF. Ine ndinalipira kawiri.