Ndikufuna kuyandamitsa pampu padamu, migolo ingati ingakwane?

Mlimi wa tomato, Dedza: Abale anga, ndithandizeni nzeru. Madzi padamu lathu akuphwa, ndiye pampu ndikumaisendeza pafupi ndi madzi, koma pamenepo ndi matope okhaokha. Dzulo tebulo lachitsulo lomwe ndimaikhazikapo linatitimira mpaka pampu kupendekeka, petulo kutayika. Ndaganiza zomanga kathandala ka matabwa pamwamba pa migolo ya pulasitiki ya malita 200 kuti iziyandama. Pampu ikulemera makilogalamu 27, matabwa mwina 35, ineyo 70, poti ndiyenera kukwerapo poiliza. Ndigule migolo ingati? Pakati pa damu ndi pakuya mamita atatu, ndikuopa kumiza pampu ya ngongole.

Wa ku Mponela: Achimwene, mgolo umodzi umanyamula makilogalamu 200. Katundu wanu ndi 132 basi. Gulani umodzi, ndalama zinazo mugulire feteleza.

Mphunzitsi wa fizikisi: Bambo a ku Mponela, 200 ija mwaitenga poyenera, koma mgolo umodzi umiza munthu. Chinthu chimayandama pokhapokha madzi omwe chawakankhira pambali akulemera mofanana ndi icho. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti mgolo ukankhe makilogalamu 200 a madzi uyenera kumira wonse mpaka kumsana. Pamenepo sipatsala kalikonse kodalira, khwangwala atangoterapo zonse zapita pansi.

Tiyeni tiwerengere bwino. Pa 132 wanuyo onjezani paipi yodzaza madzi ndi kachigubu ka petulo, tinene 15, zikwana 147. Mgolo nawo uli ndi kulemera kwake, pafupifupi makilogalamu 9, koma wanuwo muuyeze pasikelo. Ndi mgolo umodzi zonse pamodzi ndi 156 pa 200, kutanthauza kuti wamira kupitirira magawo atatu mwa anayi. Ndi iwiri ndi 165 pa 400, sinafike ndi theka lomwe. Ndi inayi ndi 183 pa 800, pomira sipakwana gawo limodzi mwa anayi.

Pa masamu okha iwiri ikukwana, koma ine ndingagule inayi. Mukamakoka chingwe choliza pampu simuima pakati, mumaponda m'mphepete, ndipo thupi lanu lonse limatsamira mbali imodzi. Mbali imeneyo imalowa m'madzi, inayo n'kutukuka. Inayi muiike m'makona motalikirana, pampu pakati.

Mayi a ku Nkhotakota: Aphunzitsi, mwaiwala kuti anena mamita atatu. Madzi akuya amanyamula bwino kuposa osaya, pulesha ndi yambiri. Kunyanja kuno timaziona.

Mphunzitsi wa fizikisi: Mayi, zoti pulesha imakula ndi kuya n'zoona, P = ρgh, pomwe ρ ndi densiti, kutanthauza kulemera kwa madzi odzaza kiyubiki mita imodzi, ndipo g ndi mphamvu yokoka ya dziko, pafupifupi 10. Koma h ameneyo ndi mtunda wochokera pamwamba pa madzi kufika pomwe pali chinthucho, osati kufika pansi pa damu. Ngati mimba ya mgolo yalowa masentimita 20, pulesha yoikankha m'mwamba ndi 1000 × 10 × 0.2 = 2000 Pa, kaya pansi pake patsala mita imodzi kaya makumi atatu. Chomwe chimasinthadi kayandamidwe ndi densiti ya madziwo. A mchere a ku Beira ali pafupifupi 1025 kg/m³, a padamu 1000 kg/m³, n'chifukwa chake bwato limatukuka pang'ono m'madzi a mchere.

Mayi a ku Nkhotakota: Ndamva, komabe bwato likafika pakuya limamveka lopepuka. Mwina ndi mafunde.

Kalipentala wa ku Lizulu: Ine nkhani yanga ndi matabwawo. 35 mwayeza kapena mwangoganiza? Bulugamu wamuwisi ndi wolemera zedi, ndinaponyapo chipika mumtsinje chinangotsala pang'ono kubisika chonse. Tengani paini wouma. Komanso zitsekero za migolo zikhale kumwamba, kunja kwa madzi. Wanga wina unkalowa madzi pang'onopang'ono, ndinazindikira nditaona kona imodzi ikutsika tsiku ndi tsiku, pougogoda sunkaliranso ngati ng'oma.

Mlimi wa tomato, Dedza: Sindinayeze, akalipentala, ndiyeza mawa. Nanga tebulo lija linatitimira bwanji, pomwe ine wolemera kuposa pampu ndimaponda pomwepo osamira chotero?

Mphunzitsi wa fizikisi: Ndi miyendo yake. P = F/A, kutanthauza kuti pulesha ndi mphamvu yokanikiza kugawa ndi kukula kwa malo omwe chinthu chapondapo. Pampu ya makilogalamu 27 ikukanikiza ndi 270 N. Ngati mwendo uliwonse ndi masentimita awiri mbali zonse, inayi pamodzi ikuponda 0.0016 m², pulesha n'kufika pafupifupi 170,000 Pa, tebulolo tisanaliwerengere. Phazi lanu ndi lotambalala, limagawa kulemerako. Yalani thabwa la mita imodzi m'litali ndi masentimita 20 m'lifupi, pampu yomweyo ikanikiza ndi 1350 Pa yokha. Yesani kaye zimenezi musanagule migolo, mwina vuto lithera pomwepo.

Wa ku Mponela: Thabwalo lithandiza sabata ino, koma madzi akaphweranso azisendeza mpaka liti? Ine ndasintha, iwiri, koma inayi ayi.

Mlimi wa tomato, Dedza: Mawa ndiyamba ndi thabwa. Amene anamangapo ndi migolo iwiri n'kumakwerapo, andiuze ngati sinagudubuke.