Thandizeni mawu: kalata yopempha kuti andifotokozere msonkho ndi kundichotsera chindapusa

Mayi a Tadala: Akuluakulu a pagulu pano, ndili ndi kabizinesi kogulitsa mapepala ndi inki m'maofesi ku Lilongwe. Chaka chatha ndinakhalitsa m'chipatala kudwazika bambo a kunyumba, ndiye fomu ya msonkho wa pachaka sinapite. Tsopano kwabwera kalata ya a MRA yoti ndilipire K4,800,000: msonkho K3,600,000, chindapusa ndi chiwongoladzanja K1,200,000. Phindu langa silinafike potulutsa msonkho wotero, komanso ndili ndi masetifiketi a msonkho umene makasitomala ankandidula polipira, okwana K1,450,000. Ndilembe bwanji mwaulemu kuti andifotokozere komwe ndalamayi yachokera, nandikhululukire chindapusacho?

Kabaza wa pa Biwi: Kalata imachedwa mayi. Pitani nokha mukadandaule pamaso, amamva.

Achimwene a Zowerengera: Kupita n'kwabwino, koma zoyankhula pakamwa sizilowa mufayilo. Mayi, mwasakaniza nkhani ziwiri, ndipo mukazisakanizanso m'kalata zikupwetekani. Munthu akapanda kupereka fomu, a MRA amaloledwa kuyerekeza okha phindu lake kuchokera pa zimene akuziona, monga malipiro amene makasitomala anu anawauza. Zimene munawononga pogula katundu sazidziwa, n'chifukwa chake ndalamayo imatupa. Ndiye K3,600,000 ija simupempha kuti akukhululukireni, mumaitsutsa. Chopempha chifundo ndi chindapusa chokha. Mukalemba kuti "ndikhululukireni zonse", wowerenga amva kuti mwavomera ngongole yonseyo.

Ndipo onani tsiku la pa kalata yawo. Nthawi yotsutsira ndi masiku 30. Kalata yongofunsa kuti "ndifotokozereni" siimitsa masikuwo.

Mayi a Tadala: Zoona? Ine ndimati ndiyambe ndamva yankho lawo kaye. Apita kale masiku ambiri ndithu.

Achimwene a Zowerengera: Musadikire. Lowani pa Msonkho Online mupereke fomu imene inatsalayo, popeza popanda iyo mulibe nambala yanu yoikira pambali pa yawo. Kenako kalata kwa Komishonala Jenerale, kudzera ku ofesi imene ili ndi fayilo yanu. Pamwamba TPIN yanu, imene ndi nambala yanu ya msonkho, nambala ya kalata yawo, tsiku lake ndi chaka cha msonkho. Makalata otere ambiri amapita m'Chingerezi, koma mfundo zake ziyende chonchi:

"Bwana, ndalandira kalata yanu yonena za msonkho wa K3,600,000. Mwaulemu ndikutsutsa ndalamayi, chifukwa phindu langa lenileni ndi limene lili pa fomu ndi mabuku amene ndaphatikiza pano. Ndikupempha kuti mundionetse momwe ndalamayi inawerengedwera, komanso ngati K1,450,000 ya pa masetifiketi awa inachotsedwapo."

Ndime ya chindapusa payokha, kapena kalata yachiwiri:

"Fomu inachedwa chifukwa cha matenda a mwamuna wanga, monga zikuonetsera zikalata za kuchipatala. Tsopano ndaipereka, ndipo msonkho umene ndikuuvomereza ndalipira, lisiti ndi iyi. Ndikupempha kuti mwa mphamvu zimene lamulo limakupatsani muganizire zondichotsera kapena kundichepetsera chindapusa."

Mawu akuti "muganizire" musawasinthe. Kuchotsa chindapusa ndi kufuna kwawo, si ufulu wanu.

Nachisale: Muonjezere kuti ndinu mayi wovutika, ana ali pa sukulu, lendi yakwera. Ine ndinalemba masamba atatu otero pa nkhani ya VAT ndipo anandichepetsera.

Gogo Kalaliki: Mwana wanga Nachisale, ndikukayika kuti anakuchepetserani chifukwa cha masamba atatuwo. Ndinagwira ntchito ya m'kaundula zaka zambiri, ngakhale si ku msonkho. Wolandira kalata amafuna chifukwa chimodzi chokhala ndi pepala kumbuyo kwake, choti akachionetse kwa bwana wake. Matenda ali ndi pepala, kukwera kwa lendi kuli pa aliyense. "Ine kapolo wanu wosauka" musalembe, "mwandibera" musalembenso. Tsamba limodzi, pansi "Ine wanu", dzina ndi siginecha. Mupite ndi makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsiku mubwerere nayo.

Nachisale: Komabe agogo, anandichepetsera.

Wa Minibasi 25: Nanga ine anandigwirira galimoto pa boda, kalata yomweyi ingagwire?

Achimwene a Zowerengera: Ayi, za kasitomu zili ndi njira yake, tsegulani funso lanu.

Mayi a Tadala: Zikomo nonse. Ndawerengera ndi wondisungira mabuku, msonkho weniweni ukubwera pafupifupi K1,900,000, kuchotsa masetifiketi kutsala K450,000. Imeneyo ndilipira mawa. Chandisokoneza n'chakuti masetifiketi awiri ndi mafotokope, kasitomala wake anatseka kampani. Amenewo awalandira?

Achimwene a Zowerengera: Zitengera ngati kasitomalayo anakaperekadi ndalamazo pa TPIN yanu. Aphatikizeni ndi mainivoisi ndi sitetimenti ya kubanki yoonetsa kuti munalandira zoperewera, muwapemphe afufuze. Awiriwo ndi a ndalama zingati?