Ndilembe bwanji imelo kwa manijala wa banki kuti andisunthire masiku obweza ngongole?

Wobisa dzina: Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kupanga fotokope ku Chikanda kuno ku Zomba. Mu Febuluwale ndinatenga ngongole ya K3,000,000 ku banki ina, ndinagula makina a fotokope ndi mapepala. Ndi ya miyezi 12, ndimabweza K301,000 pa 28 mwezi uliwonse, ndipo miyezi isanu ndabweza osaphonya. Pano ana a ku Chanco apita ku holide, bizinesi yangoti zii. Sukulu ina yomwe ndinaisindikizira mayeso a K900,000 ikuti indilipira ana akatsegulira. Lero ndi pa 16, m'akaunti muli K120,000 yokha. Ndinapita ku banki, mlongo wa pa kauntala anati ndilembe imelo kwa a manijala. Ndayamba katatu n'kufufuta. Ndilembemo chiyani? Chikole ndi makina omwewo, akawatenga ndiye kuti ndathera pomwepo.

Mnyamata wa ku Matawale: Mayi musavutike ndi makalata. A banki sachita kanthu mpaka masiku 90 akwane. Khalani phee, ana akabwera mudzalipira zonse pamodzi.

Bambo wa ku Sadzi: Achimwene, za masiku 90 mwazimva mbali imodzi. Ndagwirako ntchito ya ngongole ku banki zaka zingapo. Pa masiku 90 m'pamene ngongole imalembedwa kuti yaonongeka, koma chilango chimayamba kuwerengedwa mukangophonya tsiku, ndipo mbiri ya kuphonyako imapita ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, komwe mabanki ena onse amakaona mukadzafuna ngongole ina. Mayi, chuma chanu pano ndi miyezi isanu yosaphonyayo. Lembani lero lomwe, pa 28 pasanafike. Wopempha asanaphonye ndi wopempha ataphonya sawaona mofanana.

Cholakwika chomwe ndinkachiona kwambiri ndi kulemba masamba awiri a madandaulo, kumapeto n'kungoti "mundiganizire". Manijala sangavomereze "mundiganizire". Kawirikawiri iye yekha sagamula, amakatula pempho lanu kwa oona za ngongole, nthawi zina ku likulu, ndiye amafuna chinthu choti akachinene ndi manambala ake. Sankhani chimodzi mwa ziwiri izi.

Ndawerengera pa manambala mwaperekawo, chiwongoladzanja chanu chikukhala ngati 3 peresenti pa mwezi, ndiye ngongole yotsala ili pafupifupi K1,878,000. Njira yoyamba, mupemphe kuti miyezi iwiri muzilipira chiwongoladzanja chokha, chomwe ndi cha m'ma K56,000 pa mwezi, kenako mubwerere pa K301,000 ndipo ngongole idzathe mochedwa ndi miyezi iwiri. Zimenezi zikudyerani cha m'ma K113,000 yoonjezera. Njira yachiwiri, mupemphe kuti yotsalayo aitambasule pa miyezi 12 m'malo mwa 7. Muzilipira cha m'ma K189,000 pa mwezi, koma pomaliza mudzakhala mutaonjezera cha m'ma K154,000, komanso K189,000 ya pa 28 pano mulibe. Vuto lanu ndi la nyengo, ndiye ine ndingasankhe yoyambayo. Nambala yeniyeni ya ngongole yotsala mukatenge pa sitetimenti, yangayi ndi yongoyerekeza.

Wobisa dzina: Zikomo bambo. Ndiye kuti ngakhale avomere, kulibe zopuma osalipira kalikonse?

Bambo wa ku Sadzi: Mutha kupempha, ena amalola, koma chiwongoladzanja sichipuma. Amachiunjika pa ngongole ija ndipo nachonso chimayamba kubala. Komanso munthu wonena kuti "ndili ndi K56,000 mwezi uno" amamveka kusiyana ndi wobwera chimanjamanja. Kalatayo ikhoza kukhala chonchi, pamutu muike dzina la bizinesi ndi nambala ya ngongole:

"Wokondedwa a Manijala, ndili ndi ngongole ya K3,000,000 yomwe ndinatenga mu Febuluwale, ndipo ndabweza magawo asanu pa nthawi yake. Makasitomala anga ambiri ndi ophunzira a pa yunivesite omwe pano ali pa tchuthi, choncho malonda atsika ndipo sindikwanitsa K301,000 ya pa 28 Ogasiti ndi pa 28 Seputembala. Ndikupempha kuti miyezi iwiriyi ndilipire chiwongoladzanja chokha, ndiyambirenso kubweza mokwanira pa 28 Okutobala, ndipo tsiku lomaliza ngongole lisunthe ndi miyezi iwiri. Ndikuyembekezera K900,000 kuchokera ku sukulu ina, invoisi yake ndaiphatikiza pamodzi ndi kaundula wa malonda wa miyezi isanu ndi umodzi. Chonde mundiuze ndalama zoonjezera zomwe zingakhalepo pa kusinthaku. Ndingathe kubwera ku ofesi kwanu tsiku lililonse sabata ino."

Basi. Osalembamo za sukulu fizi ya ana kapena za mitengo ya zinthu kukwera, zimenezo a manijala akuzidziwa kale.

Mayi wa ku Chinamwali: Inu bwanji osangolowa banki mkhonde? Kwathu timabwereketsa tsiku lomwelo, palibe za maimelo. Bwerani ku inibokisi.

Wobisa dzina: Ayi amayi, sindikufuna ngongole ina. Gulu lathu limatenga 20 peresenti pa mwezi, ndiye ndizimitse moto ndi palafini?

Wogulitsa nsomba ku Songani: Ine langa ndi limodzi, chifukwa zinandionekera. Ndimaoda nsomba ku Kachulu. Chaka china nyanja ya Chilwa atatseka ndinakakamba ndi ofisala wa ngongole, anandiuza pakamwa kuti palibe vuto, ndidzalipire mwezi wotsatira. Tsiku litakwana makina a banki anadula ndalama zonse zomwe zinali m'akaunti, za oda wanga, n'kuonjezera chilango pa zotsalazo. Nditapitako ndinapeza mkulu uja anamusamutsa, watsopanoyo akuti m'failo mulibe kanthu. Mayi, mawu a pakamwa asakugonetseni tulo. Mpaka mutasaina pepala latsopano losonyeza masiku atsopano, pangano lakale likugwirabe ntchito.

Bambo wa ku Sadzi: Zoona zimenezo. Mukatumiza imelo musindikizenso, inu makina muli nawo, mukaipereke pa nthambi, akudindireni pa kope yanu ndi deti. Pa imeloyo muikemonso ofisala amene anakupatsani ngongoleyo, ndi amene amalemba lipoti lake. Pakadutsa masiku atatu ogwira ntchito kuli zii, pitaniko.

Mphunzitsi wopuma, Mpondabwino: Kalatayo ndi yabwino, koma ikapite m'Chingerezi, mafailo a banki amayenda m'Chingerezi. Chomwe sindikugwirizana nacho ndi kutchula K900,000 ija. Ndaphunzitsa zaka zambiri, masukulu amalipira makolo akalipira fizi, ndipo makolo amalipira pang'onopang'ono mpaka pakati pa teremu. Mukailemba, a banki aziiwerengera ngati ndalama yobwera pa tsiku lake. Ine ndikanapempha miyezi itatu.

Bambo wa ku Sadzi: Aphunzitsi, popanda invoisiyo kalatayo ilibe chosonyeza komwe ndalama idzachokere. Itchulidwe, kungoti asalonjeze tsiku lomwe sukuluyo sinalembe. Pa miyezi itatu mwina mukunena zoona, kupempha kachiwiri kumavuta kuposa koyamba, koma mwezi uliwonse woonjezera ndi K56,000 ina.

Mnyamata wa ku Matawale: Nanga akakana?

Wogulitsa nsomba ku Songani: Akakana alipire zomwe ali nazo pa 28, asunge risiti, apitirize kukambirana. Kuthawa foni ndiye kumafulumizitsa za chikole.

Wobisa dzina: Ndathokoza nonse. Mwana wa achemwali anga wandithandiza kuiika m'Chingerezi, koma sindinatumize. Mawa m'mawa ndiyamba ndapita ku sukulu ija akandilembere tsiku lolipira pa pepala lodinda, ndikaona tsikulo m'pamene ndidziwe ngati ndilembe miyezi iwiri kapena itatu. Funso lina bambo a ku Sadzi, amuna anga anasaina ngati mboni pa ngongoleyi, kodi pepala latsopanolo akufunikanso kukasaina? Ali ku Joni, abwera Disembala.