Chifukwa chiyani Mauna Loa amangotuluka chiphala pomwe St. Helens anaphulika?

Anzanga, ndithandizeni. Ndikukonzekera kuphunzitsa za mapiri ophulika, koma pali pamene pandisokoneza.

Phiri la Mauna Loa ku Hawaii litatulutsa chiphala mu 2022, chinkangoyenderera pang'onopang'ono, anthu n'kumaonerera ali patali. Koma Mount St. Helens ku America mu 1980 linaphulika mpaka mbali yake ya kumpoto kugumuka, anthu 57 anafa.

Mmene ndamvera ine, chiphala cha ku Hawaii chili ndi silika, chinthu chopezeka mumchenga ndi m'miyala, wochepa, pafupifupi theka la chiphalacho, ndipo chimatuluka chotentha kupitirira madigiri 1,100, choncho n'chamadzimadzi ngati phala la mwana. Mpweya umathawa mosavuta, phiri n'kumakula chophwatalala. Cha ku St. Helens chili ndi silika wambiri, n'cholimba ngati nsima yoti ikupsa, imene imatsekera nthunzi mpaka kukuthovukira padzanja. Sichipita patali, n'chifukwa chake phirilo ndi lotsetsereka kwambiri.

Funso langa ndi ili: chimaphulitsa kwenikweni ndi kulimba kwa chiphalacho, kapena kuchuluka kwa mpweya umene uli m'kati? Nanga chiphala cholimba chitataya mpweya wake chisanafike kumtunda, chingatuluke mwakachetechete? Ndikufunsa poti pambuyo pa 1980, St. Helens yemweyo anatulutsa chiphala chimene chinangounjikana pakamwa pake ngati chulu. Odziwa, ndimasulireni.